Peti kashi ikakana kugwirizana tsiku lobwezeretsa fuloti

Ndimayendera mabuku a ndalama m'maofesi ang'onoang'ono angapo, ndipo foni imene ndimalandira kawirikawiri mwezi ukamatha kuchokera kwa osunga peti kashi, ndalama ya m'bokosi yolipirira tizinthu ting'onoting'ono, ndi yomweyomweyo: "Ndawerenga katatu konse, koma bokosi silikugwirizana ndi mavocha." Poti vuto lake limabwerabwera, ndalemba pano njira imene ndimatsata polifufuza. Pezani mutu umene ukufanana ndi zimene mukuonazo, ndipo muyambe ndi chifukwa choyamba, chifukwa ndazisanja kuyambira chimene chimachitika kwambiri.

## Lamulo limene zonse zatsamirapo

Pa dongosolo la impuresti, ofesi imaika ndalama yokhazikika m'bokosi, imene timaitcha fuloti. Tinene kuti ndi K200,000. Wosunga bokosi amalipira tizinthu ting'onoting'ono, ndipo ndalama iliyonse ikatuluka, m'malo mwake mumalowa vocha, kapepala kosonyeza ndalama imene yatuluka ndi chimene yalipira. Choncho nthawi ina iliyonse, kaya ndi Lolemba m'mawa kaya Lachisanu madzulo, ndalama zotsala kuphatikiza mavocha amene sanabwezedwe ziyenera kukwana K200,000 ndendende.

Nthawi yowonjezera ndalama ikafika, cheke chimalembedwa molingana ndi mavocha, osati molingana ndi mpata umene uli m'bokosi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amawerenga zotsala, nkuchotsera pa fuloti, nkupempha yotsalayo. Njira imeneyi imadzaza bokosi bwinobwino, koma imakwirira ndalama iliyonse imene yasowa, ndipo mwezi wotsatira palibe amene angadziwenso kuti panali dzenje.

Musanafufuze china chilichonse, chitani izi:

- Tsekani bokosi, musalipirenso kanthu mpaka mutamaliza.
- Werengani ndalama muli awiri, ndipo mulembe papepala kuti ma K5,000 alipo angati, ma K2,000 angati, mpaka kutsika.
- Sanjani mavocha motsatira manambala ake.
- Phatikizani mavochawo kuchokera pa mapepala enieniwo, osati kuchokera m'buku.
- Lembani kusiyanako ngati nambala imodzi, ndipo muonetse ngati ndalama zachepa kapena zachuluka.

Nambala ya kusiyanako muisunge bwino. Nthawi zambiri ndi imene imaulula pamene palakwika.

## Ndalama m'bokosi zaperewera

Ili ndiye vuto limene limasowetsa anthu tulo, ndipo ndikhalapo nthawi yaitali. Nthawi zambiri si kuba. Ndi ndalama imene inatuluka pepala lake lisanalembedwe.

1. Wina anatenga ndalama popanda vocha. Zimachitika pa changu: galimoto yaphulika tayala, kapena alendo afika mwadzidzidzi, abwana nkunena kuti "tangompatsani kaye, tilemba akabwera." Akabwera, aliyense waiwala.

- Kumbukirani tsiku ndi tsiku kuyambira pamene munawerenga komaliza. Ndani anatumidwa? Kunali msonkhano wanji?
- Funsani a dalaivala, a mesenjala ndi wokonza tiyi.
- Ngati ndalama yoperewerayo, imene timaitcha shoti, ndi nambala yosalala ngati K10,000 kapena K15,000, kayikirani ichi poyamba.

2. Chenje sichinabwezedwe. Munthu anapatsidwa K25,000, anagula za K21,500, anabweretsa lisiti, koma chenje chinatsalira m'thumba. Vocha inalembedwa molingana ndi lisiti, ndipo bokosi latsala ndi dzenje la K3,500. Tengani vocha iliyonse nkudzifunsa kuti, kodi ndinatulutsa ndalama zingati m'manja pa vocha imeneyi? Palibe amene amatulutsa K21,500 yeniyeni asanadziwe mtengo.

3. Vocha yasochera. Onani ngati manambala akutsatana. Ngati pali 44 ndi 46 koma 45 palibe, yang'anani pa tebulo la amene amasainira, chifukwa mavocha amakonda kugona kumeneko. Yang'ananinso pansi pa thireyi ya m'bokosi, komanso kuseri kwa vocha ina, poti pini imodzi imatha kugwira mapepala awiri.

4. Ngongole ya wantchito. Kapepala kolembedwa kuti "ndabwereka K20,000, ndibweza pa malipiro" si vocha ndipo si ndalama. Mukakapeza, kalembeni padera pa pepala lowerengera, ndipo abwana adziwe tsiku lomwelo. Cheke chobwezeretsa chisakhudze ndalama imeneyi. Iyenera kubwezedwa ndi mwini wake.

5. Kuphatikiza kwalakwika. Onani mutu wakuti "Bokosi ndi mavocha zikugwirizana, koma buku likunena zina" m'munsimu.

6. Ndalama yatengedwadi. Mufike pano pokhapokha zisanu zapamwambazi zitalephera.

### Mmene zinayendera pa ofesi ina

Mayi wina wosunga peti kashi pa ofesi ina anandiitana Lachisanu masana atatsala pang'ono kulira. Fuloti yawo inali K200,000. Mavocha anali asanu ndi atatu:

- 41: mapepala osindikizira, K36,000
- 42: shuga, masamba a tiyi ndi mkaka, K21,500
- 43: kabaza wopita kubanki, K4,000
- 44: mayunitsi a magetsi, K30,000
- 45: mayunitsi a foni, K10,000
- 46: sopo ndi matsache, K12,700
- 47: kukonza loko wa chitseko, K18,000
- 48: minibasi ya a mesenjala, K6,000

Onse pamodzi anakwana K138,200. Ndiye kuti m'bokosi munayenera kukhala K61,800. Tinakhuthulira ndalama patebulo nkuwerenga tili awiri: ma K5,000 asanu ndi limodzi, ma K2,000 anayi, ma K1,000 atatu, ma K500 atatu, ma K200 atatu ndi ma K100 awiri. Zonse K43,300. Shoti inali K18,500.

Mayiwo anali atalemba kale fomu yopempha K156,700, kutanthauza K200,000 kuchotsapo K43,300. Sanali kubisa kanthu, ndi mmene anawaphunzitsira amene anawasiyira ntchitoyo. Fomuyo ikanasainidwa, ofesi ikanatulutsa K156,700 pa mapepala a K138,200 okha.

Poyamba tinayang'ana ngati pali vocha ya K18,500 yeniyeni, panalibe. Manambala a mavocha anali otsatana. Kenako ndinawafunsa za vocha iliyonse payokha. Titafika pa 42, anagwira pakamwa.

"Aa, mtsikana wa tiyi uja ndinamupatsa ma K5,000 asanu. Anangosiya lisiti patebulo ndili pafoni."

Imeneyo inali K3,500, ndipo mtsikanayo anali nayo mu envulopu m'kabati ya kukhitchini, akudikira kuti afunsidwe. Panatsala K15,000, nambala yosalala. Tinayamba kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku, mpaka tinafika Lachiwiri, tsiku limene galimoto inaphulika tayala. Anawaimbira a dalaivala.

"Achimwene, K15,000 ya Lachiwiri ija, lisiti lake lili kuti?"

"Pepani mayi, lili m'galimotomu. Anandilipiritsa K13,000, chenje ndili nacho."

Atabweretsa, tinalemba vocha 49 ya K13,000, abwana nkusainira. Mavocha anafika K151,200. Ndalama zinafika K48,800, kuphatikiza K3,500 ndi K2,000 zobwezedwazo. Pamodzi K200,000. Cheke chinalembedwa cha K151,200.

Onani kuti shotiyo inali mavuto awiri ophatikizana. Ndi chifukwa chake kufunafuna vocha imodzi yofanana ndi kusiyanako kumalephera kawirikawiri. Mukapeza gawo limodzi, chotserani, ndipo muyang'anenso nambala yotsalayo ngati yatsopano.

Kuti zisabwerenso, ndalama yotengeratu izikhala ndi pepala lake. Wotenga asaine kuti watenga K25,000 pa tsiku lakuti, pepalalo ligone m'bokosi ngati ndalama. Akabwera ndi lisiti ndi chenje, mulembe vocha yeniyeni, ndipo pepala lija mulidule mzere iye akuona. Ikani malire a masiku, awiri kapena atatu, oti munthu akhale atabweza. Ndipo lamuloli ligwire abwana omwe, chifukwa ndi iwo amene wosunga bokosi amaopa kuwauza kuti asaine.

## Ndalama m'bokosi zachuluka

Ambiri amasangalala, ena amangochotsa yapamwambayo nkusunga pambali kuti idzatseke shoti ya mwezi wina. Musatero. Ndalama yochuluka ikutanthauza kuti pali pepala limene likunena zimene sizinachitike, kapena pali ndalama ya eni ake imene yalowa molakwika.

1. Mwasakaniza ndalama zina. Wina analipira fotokope, kapena munagulitsa manyuzipepala akale, ndalamayo nkuponyedwa m'bokosi lomwelo. Ndalama yolowa iyenera kukhala ndi lisiti lake ndi kupita kubanki. M'bokosi la peti kashi mumalowa ndalama ya cheke chobwezeretsa ndi chenje basi.

2. Vocha inalembedwa koma munthu sanalipidwe. Wantchito anagula ndi ndalama yake, anabweretsa lisiti, vocha inasainidwa, koma tsikulo munalibe ndalama zing'onozing'ono ndipo anati adzatenga mawa. Onani ngati pamalo a wolandira pali siginecha pa vocha iliyonse.

3. Vocha inalembedwa pa ndalama yotengedwa, osati yogwiritsidwa ntchito. Vocha ikuti K25,000, lisiti likuti K21,500, ndipo chenje chinabwerera m'bokosi. Yerekezani vocha iliyonse ndi lisiti lake.

4. Vocha ya ulendo wapita yawerengedwanso. Onani nambala yomaliza pa fomu ya ulendo wapitawo. Ngati inathera pa 40, lero muyambire pa 41.

5. Wosunga bokosi anaikamo ndalama yake pofuna kupereka chenje, nkuiwala kuichotsa. Zimachitika, koma popanda umboni wolembedwa musangomubwezera. Abwana avomereze kaye molemba.

Mukafufuza zonsezi osapeza mwini wake, ndalamayo ilembedwe m'mabuku ngati yopitirira, ndipo akauntanti ndi amene anene kumene ipite.

## Bokosi ndi mavocha zikugwirizana, koma buku likunena zina

Apa ndalama sinasowe. Cholakwika chili m'kalembedwe, ndipo nambala ya kusiyanako ikuthandizani.

Kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala. Mwina manambala awiri asinthana malo. Vocha ya K12,700 ikalembedwa m'buku ngati K17,200, kusiyana kwake ndi K4,500, ndipo 4,500 kugawa ndi 9 ndi 500. Zimakhalanso choncho ziro akasowa kapena akawonjezeka: K18,000 yolembedwa ngati K1,800 imasiya K16,200, imenenso imagawika ndi 9. Wina awerenge mavocha mokweza, winayo akutsatira m'buku ndi chala.

Kusiyanako ndi kofanana ndi vocha imodzi. Vochayo sinalowe m'buku, kapena yalowa kawiri.

Theka la kusiyanako ndi nambala imene mukuidziwa. Mwailemba mbali yolakwika. Chenje cha K3,500 chikalembedwa kumbali ya zotuluka m'malo mwa zolowa, buku limasiyana ndi bokosi ndi K7,000.

Mizati ya mitundu ya zogula sikukwana pa chiwerengero chonse. Buku la peti kashi limakhala ndi mzati wa ndalama yonse, kenako mizati ya mayendedwe, zolembera, zoyeretsera, ndi zina. Mukaphatikiza mizatiyo chopingasa, iyenera kufanana ndi mzati woyamba uja. Vuto limakhala pa lisiti limodzi la zinthu zosiyana, monga sopo ndi mapepala, limene linagawidwa pawiri koma gawo lina linaiwalika.

Mumalemba pa kompyuta. Onani ngati fomula ikufika pamzere womaliza. Mukawonjezera mzere pansi, fomula imatha kutsalira:

```
=SUM(D2:D9)
```

Ngati vocha yatsopano ili pa mzere 10, fomula imeneyi siikuiona. Onaninso nambala imene yakhala kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja. Kawirikawiri imeneyo kompyuta yaitenga ngati mawu, mwina chifukwa munalemba K kutsogolo kwake, ndipo siikuphatikizidwa.

Pokonza m'buku lolemba pamanja, dulani mzere umodzi pa nambala yolakwika kuti izionekabe, lembani yolondola pamwamba, ndipo musaine pambali. Musafute ndi utoto woyera uja. Odita akaona pofutidwa amayamba kukayikira tsamba lonse.

## A ku akaunti abweza mavocha, kapena adula cheke

Mwapempha K151,200, abwera ndi K141,200, akuti vocha ina siikuyenera. Zifukwa zake nthawi zambiri ndi izi.

1. Palibe lisiti. Kabaza, minibasi, amayi ogulitsa matsache pamsika, onsewa sapereka lisiti, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti amapereka. Choopsa ndi chakuti anthu akakakamizidwa kubweretsa lisiti pamene palibe, amakagula buku la malisiti nkumadzilembera okha. Ndi bwino ofesi ikhale ndi fomu yakeyake ya zolipira zopanda lisiti, yonena tsiku, kuchokera kuti kupita kuti, chifukwa cha ulendo, ndalama, siginecha ya wotumidwa ndi ya womutuma. Gwirizananinso mitengo ya maulendo amene amachitika kawirikawiri, kuti wopita kubanki lero asanene K4,000, wa mawa K7,000.

2. Siginecha yasowa. Vocha yathunthu imakhala ndi wovomereza, wolipira ndi wolandira. Wovomereza asakhale yemweyo wosunga bokosi, ndipo munthu asavomereze vocha ya ndalama imene walandira yekha.

3. Lisiti lafufutika. Malisiti a m'makina, monga a m'masitolo akuluakulu ndi a pomwetsa mafuta, amasindikizidwa pa pepala losachedwa kuyera likakhala padzuwa kapena potentha. Ndinaonapo lisiti limene linagona sabata imodzi kutsogolo kwa galimoto mu Okutobala, linangotsala pepala loyera. Lipangeni fotokope tsiku lomwe lafika, nkumata zonse ziwiri ku vocha. Musamate selotepi pamwamba pa zolembazo, chifukwa nayo imazifufuta.

4. Lisiti si la mtundu woyenera. Ngati ofesi yanu inalembetsa msonkho wa VAT ndipo imafuna kubwezeredwa msonkho umene yalipira pogula, kapepala kolemba pamanja sikathandiza. Pamafunika lisiti lovomerezeka ndi MRA, loonetsa nambala ya msonkho ya wogulitsa ndi VAT payokha. Funsani akauntanti wanu kuti akuonetseni chitsanzo, muchimate mkati mwa chivundikiro cha bokosi.

5. Ndalama yapitirira malire a vocha imodzi, kapena chinthucho sichiyenera kulipidwa ndi peti kashi, monga malipiro a wantchito kapena alawansi. Kugawa lisiti limodzi pa mavocha awiri kuti lilowe pansi pa malire ndi kulakwa kwina pamwamba pa koyambako.

Vocha ikakanidwa, musaitaye ndipo musaibise. Ibwerere m'bokosi ndipo iziwerengedwa padera ngati yodikira, kuti ndalama, mavocha atsopano ndi yodikirayo zizikwanabe pa fuloti. Ikani tsiku loti nkhani yake ithe: chosowacho chipezeke, kapena amene anatenga ndalamayo abweze.

## Mwalandira ndalama, koma bokosi silinabwerere pa fuloti

1. Munalipira zina pamene cheke chinali m'njira. Fomu inapita Lolemba, ndalama yabwera Lachinayi, ndipo pakatipa mwalemba mavocha atatu. Palibe cholakwika. Phatikizani ndalama ndi mavocha atsopanowo, zikwana.

2. Cheke chinasalazidwa. Wina anaona K151,200 nkulemba K150,000 kapena K155,000 kuti ikhale yosavuta. Mukatero miyezi ingapo, palibenso amene amadziwa kuti fuloti yeniyeni ndi zingati. Cheke chilembedwe mpaka kwacha yomaliza. Ngati kubanki kulibe ndalama zing'onozing'ono zokwanira, kusiyanako kulembedwe, kusangosiyidwa.

3. Ndalama inadulidwa potapa. Maofesi ena amatumiza ndalamayi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wosunga bokosi nkukatapa kwa ejenti. Potapa pamakhala chodula. Chodulacho chikhale ndi vocha yake, umboni wake ndi uthenga wa pafoni. Ndipo ngati gawo la fuloti limakhala pafoni, liziwerengedwa pa tsiku lowerengera, pa nambala ya ofesi, osati ya munthu, chifukwa ndalama ya ofesi ikasakanikirana ndi ya ndiwo zakunyumba simungaisiyanitsenso.

4. Wokatapa sanapereke yonse. Wosunga bokosi awerenge pamaso pa wobweretsayo, nkusaina kuti walandira zingati. Mpukutu wa kubanki nawo muziuwerenga, musadalire lamba wake.

5. Shoti yakale ikuyendabe. Ngati ulendo uliwonse bokosi limaperewera ndi nambala yomweyomweyo, dzenjelo ndi lakale. Bwererani pa mafomu am'mbuyo mpaka mupeze mwezi womaliza umene zinagwirizana. Vuto lili pakati pa mwezi umenewo ndi wotsatira.

Kwa amene amalemba leja: pa impuresti, akaunti ya peti kashi iyenera kuonetsa fuloti yonse pambuyo pa kubwezeretsa kulikonse. Zogulidwa zimalowa ku debiti ya maakaunti ake, banki imalowa ku kirediti. Mukaona akaunti ya peti kashi ikungokwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti macheke akulembedwa ngati ndalama yolowa m'bokosi, koma mavocha sakulembedwa ngati zotuluka. Pakutha pa chaka cha ndalama, bwezeretsani fuloti tsiku lomaliza, kapena mavocha onse alowe m'mabuku, kuti zogula za chaka chino zisagwere m'chaka chamawa.

## Fuloti ikutha mwezi usanafike pakati

Chifukwa choyamba masiku ano ndi mitengo. Fuloti imene inakhazikitsidwa kwacha isanatsitsidwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 singagule zimene inkagula kale. Tengani mafomu a miyezi itatu yapitayi, muone kuti pa sabata mumagwiritsa ntchito zingati. Ngati fuloti ndi yochepadi, pemphani molemba kuti ikwezedwe. Ndalama yokwezerayo ibwere pa cheke chakechake, osati kuiphatikiza mwakachetechete pa cheke cha mavocha, ndipo nambala yatsopanoyo ilembedwe poonekera.

Chachiwiri ndi kuchedwa kupempha. Ngati cheke chimatenga masiku anayi kuti chisainidwe, musadikire bokosi liume. Pemphani pamene mwatsala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi.

Chachitatu, zinthu zikuluzikulu zobwerezabwereza, monga mafuta a galimoto ndi magetsi, zikudutsira m'bokosi pamene zikanalipidwa mwachindunji kuchokera kubanki. Pa chitsanzo chija, mapepala ndi magetsi okha anadya K66,000 pa K200,000.

Chachinayi, ndalama zambiri zili kunja ngati zotengeratu ndi ngongole. Werengani mapepala amenewo. Akafika gawo lalikulu la fuloti, vuto si kuchepa kwa fuloti.

## Zonse zikugwirizana, koma pali chokayikitsa

Bokosi lingakwane mpaka kwacha yomaliza pamene ndalama ikubedwa, chifukwa vocha yabodza imadzaza mpata mofanana ndi yeniyeni. Amene mumasainira cheke, yang'anani izi:

- Lisiti lomwelo labweranso ulendo wachiwiri, kapena fotokope yake.
- Malisiti a wogulitsa mmodzi ali ndi manambala otsatana ngakhale masiku ake atalikirana, ngati kuti alibe kasitomala wina.
- Malisiti a masitolo osiyana ali ndi kalembedwe ka dzanja limodzi.
- Nambala yawonjezeredwa kutsogolo, K3,000 yasanduka K13,000, inki yake yosiyana pang'ono.
- Masiku a malisiti akugwera Lamulungu kapena pa holide pamene ofesi inali yotseka.
- Shuga ndi mapepala zikugulidwa kuposa zimene ofesi ingathe kumaliza.

Zotchinga zake ndi zotsika mtengo. Cheke chikasainidwa, vocha iliyonse ndi lisiti lake zidindidwe chidindo chosonyeza kuti zalipidwa, pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya cheke, ndipo zisabwererenso kwa wosunga bokosi. Pa vocha, ndalama izilembedwa m'manambala ndi m'mawu omwe. Kiyi akhale ndi munthu mmodzi, ndipo akamapita kutchuthi, awiriwo awerengere limodzi nkusainirana. Kamodzikamodzi, wina wosakhala wosunga bokosi aziwerenga mosachenjeza, mwini bokosi ali pomwepo. Izi zimatetezanso wosungayo, chifukwa ndalama ikasowa pamene anthu atatu amagwira kiyi, mlandu umagwera iye.

## Pamene muyenera kusiya nkuitana katswiri

Lekani kufufuza nokha, ndipo muitane akauntanti wa ofesi, odita, kapena akauntanti wovomerezeka ndi ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi, ngati:

- mwawerenga kawiri muli awiri, mwadutsa mitu yonseyi, ndipo kusiyana kwakukulu kukadalipo;
- shoti ikubwera miyezi itatu yotsatana, ngakhale ikhale yaing'ono;
- mwapeza lisiti kapena siginecha yooneka yosinthidwa, kapena masamba a buku la mavocha athotholedwa;
- palibe amene akudziwa fuloti yeniyeni, ndipo leja ikunena zosiyana ndi bokosi;
- ndalamayo ndi ya opereka thandizo, amene amakhala ndi malamulo awo a kanenedwe ka ndalama yosowa;
- amene akutenga ndalama osasaina ndi mkulu woti simungathe kumufunsa. Apa nkhaniyo ipite kwa msungichuma wa bodi kapena kwa odita.

Bokosi likapezeka lothyoledwa, musaligwire. Dziwitsani abwana ndi apolisi nthawi yomweyo.

Podikira katswiriyo, lembani pepala la zimene mwawerenga, nonse awiri musaine ndi kulemba tsiku ndi nthawi. Mavocha, malisiti ndi buku zitsekeredwe mmene zilili. Musalembe vocha yatsopano yotsekera mpata, musaike ndalama yanu kuti zikwane, ndipo musabwezeretse fuloti yonse ngati kuti palibe chachitika. Ngati ofesi ikufunika ndalama yogwiritsa ntchito, ibwezedwe ya mavocha ovomerezeka okha. Musatchule munthu kuti wakuba pagulu, ndipo musadule malipiro a wina aliyense musanamve mbali yake ndi kufunsa wodziwa malamulo a ntchito. Shoti imene yalephereka kupezeka imachotsedwa m'mabuku ndi chilolezo cholembedwa cha akuluakulu a ofesi, ndipo kalata ya chilolezocho imamatidwa ku fomu ya mwezi umenewo.